Mafuta ophikira akayaka pa mbaula: chifukwa chake madzi amakuza moto, ndi zoyenera kuchita

M'misika ya m'mbali mwa msewu wochokera pa Thabwa kudutsa pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje, mabanja ambiri amapeza chakudya kuchokera m'mafuta otentha, ena pokazinga tchipisi pa chiwaya, ena mandasi ndi zitumbuwa, ena milamba ndi makakana. Pafupifupi aliyense wa iwo anaonapo lawi likutulukira pamwamba pa mafuta, ndipo popeza tonse tinakula tikudziwa kuti moto umazimitsidwa ndi madzi, dzanja limathamangira ku ndowa mutu usanaganize. Pa moto wa udzu, wa nkhuni kapena wa nsalu, chizolowezi chimenechi chimapulumutsa katundu. Pa moto wa mafuta ophikira ndicho chimapsereza nkhope ndi manja a munthu ndi kuyatsa denga. Moto wa mafuta umafa ukasowa mpweya ndiponso mafutawo akapatsidwa nthawi yozizira, ndipo zonse zimene zili m'munsimu zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Zimene zimachitika madzi akagwera m'mafuta oyaka

Madzi amawira akafika madigiri 100, ndipo pamenepo amasanduka nthunzi. Mafuta amene tikukazingira mandasi kapena tchipisi amakhala pakati pa madigiri 170 ndi 190, kutanthauza kuti ngakhale pa tsiku limene zonse zikuyenda bwino, mafutawo amakhala atapitirira kale kutentha kumene madzi angapirire. Akasiyidwa pamoto, mafuta atsopano amayamba kufuka utsi akafika cha m'ma 220 kapena 230, ndipo akapitirira madigiri 300 utsi wakewo umagwira moto lawi likangoukhudza. Akakwerabe pang'ono, cha m'ma 350, amayaka okha popanda chowayatsa. Choncho mafuta amene mukuwaona akuyaka m'sufuliya ndi otentha kuposa katatu poyerekeza ndi madzi owira.

Chachiwiri n'chakuti madzi ndi olemera kuposa mafuta, ndipo ziwirizi sizisakanikirana. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita ya mafuta ophikira imalemera magalamu pafupifupi 920. Madzi akathiridwa pa mafuta oyaka sakhala pamwamba kuti aphimbe malawi, koma amamira n'kupita pansi pa sufuliya, pamene pali potentha kwambiri. Kumeneko amasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka nthawi pafupifupi 1,700 kuposa madzi amene yachokera. Kapu imodzi ya mamililita 250 imatulutsa nthunzi yopitirira malita 400, yokwanira kudzaza migolo iwiri ikuluikulu ya malita 200, ndipo yonseyo imabadwira pansi pa mafuta, m'chiwiya chimene mwina chimangolowa malita asanu. Ilibe kwina kopita koma kumwamba, ndipo pokwera imanyamula mafuta oyakawo n'kuwamwaza.

Apa ndi pamene pagona ngozi yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu ambiri samvetsa. Mafuta akakhala m'sufuliya amangoyaka pamwamba pokha, pamene akukhudzana ndi mpweya, n'chifukwa chake lawi lake limakhala la msinkhu woti munthu angathe kulilamulira. Nthunzi ikawaphulitsa amasanduka timadontho tosawerengeka, ndipo kadontho kalikonse kamazunguliridwa ndi mpweya mbali zonse, motero mafuta amene akanatenga nthawi yaitali kuti ayake amayaka onse nthawi imodzi. Lawi limene linali lofika m'bondo limakwera mpaka kudenga ndi kufalikira m'mbali, ndipo woyamba kukumana nalo ndi amene wagwira kapu uja, chifukwa pothira anawerama n'kuyandikira. Wokazinga aliyense amadziwa mmene mafuta amathethekera kagawo ka mbatata konyowa kakagweramo; chimene chimachitika ndi kapu ya madzi ndi chomwecho, koma mochuluka kwambiri ndiponso mafuta ali kale moto. Kuchepetsa madzi sikuthandiza, popeza ngakhale kasupuni kamodzi ka tiyi kamatulutsa nthunzi yoposa malita 8. Kuwaza ndi dzanja, kuthira phala, thobwa, mkaka kapena madzi otsukira mbale, zonsezi ndi madzi ndipo zimachita chimodzimodzi.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira pa utsi mpaka moto kuzima

Tiyerekeze mayi wokazinga mandasi pa khonde la nyumba yofolera udzu, m'mwezi wa Okutobala, pamene kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo udzu wa padenga wauma gwa. Ali ndi malita atatu a mafuta m'sufuliya, pa mbaula yodzaza makala. Wachotsa mandasi oyamba, wabwera wogula, ndipo akumufunira chenje m'nyumba. Pa nthawi imene mandasi anali m'mafuta, ndiwo amene ankamwa kutentha, popeza madzi a mu ufa wokandawo ankatuluka ngati nthunzi n'kumaziziritsa mafuta. Tsopano mafuta atsala okha, makala akolera, ndipo kamphepo kakuuzira pa khomo la mbaula, motero kutentha kukukwera mofulumira kuposa mmene mayiyo anazolowera.

Mafuta amachenjeza asanayake. Poyamba pamwamba pake pamaoneka ngati pakunjenjemera, kenako pamatuluka utsi wopyapyala wotuwa mobiriwira, wa fungo loswa mphuno ndi lolowa m'maso. Utsi umenewu si nthunzi ya chakudya, ndi mafuta enieniwo akuwonongeka ndi kutentha. Munthu akafika pa nthawi imeneyi, kukadali kosavuta: atseke khomo la mbaula, avundikire sufuliya, ndipo ngati lawi lisanaoneke komanso sufuliyayo ili ndi zogwirira zolimba, aiphule mosamala n'kuiika pansi pomwepo pambali pa mbaula. Asaponyemo mandasi aawisi kapena mbatata poganiza kuti aziziritsa mafuta, chifukwa chakudya chonyowa chikalowa m'mafuta ofuka utsi chimachititsa thovu, mafuta amasefukira pa makala, ndipo moto umene unali usanayambe umayambira pomwepo.

Koma tinene kuti mayi uja wabwerera utsi utakhuthala ndipo lawi lili kale pamwamba pa mafuta. Choyamba ndi kuchotsa ana ndi kufuula kuti anthu adziwe, koma mofotokoza bwino kuti ndi mafuta ndipo asabweretse madzi. Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa kwathu kuno munthu akakuwa kuti "Moto!" oyandikana naye amabwera ndi ndowa, ndipo nthawi zambiri amene amathira madzi si mwini sufuliya koma mnansi wa mtima wabwino amene wangofika akuthamanga. Mawu onga akuti, "Achimwene, musathire madzi, ndi mafuta, bweretsani mchenga wouma!" amampatsa munthuyo chochita china m'malo mongomuletsa.

Chachiwiri ndi kuvundikira. Chivundikiro chikhale chachitsulo, chachikulu kuposa kukamwa kwa sufuliya, ndipo chouma, popeza chivundikiro chimene changochotsedwa pa poto wa ndiwo chimakhala ndi madontho a madzi kunsi kwake. Musachigwetse kuchokera pamwamba, chifukwa dzanja lidzadutsa m'malawi ndipo mpweya wokankhidwa udzatulutsira moto m'mbali. Chigwireni moimika patsogolo panu kuti chitchinjirize dzanja ndi nkhope, mukhazike m'mphepete mwake pa mlomo wa sufuliya wa mbali yanu, kenako muchikankhe pang'onopang'ono mopingasa mpaka chitatseka ponse. Ngati pali mphepo, imani mbali imene ikuchokera kuti malawi azipendekera kutali ndi inu. Kulungani dzanja ndi nsalu yokhuthala ya thonje, youma, ndipo mpango kapena chitenje cholendewera muchimange kaye. Chivundikiro chikatseka bwino, mpweya wochepa umene watsala mkati umatha m'masekondi ochepa ndipo lawi limazima.

Chachitatu, chimene chimavuta kwambiri kwa ife, ndi kuchotsa kutentha kwa pansi. Malangizo ambiri amangonena kuti zimitsani chitofu, ndipo amene akuphikira gasi kapena magetsi angachitedi zimenezo ndi dzanja limodzi: wa gasi atseke pa chitofu, kapena pa silinda ngati malawi atsekereza njira, ndipo wa magetsi azimitse pa khoma, pokumbukira kuti mbale ya chitofu imakhalabe yotentha kwa nthawi. Amenewa ayambe ndi kuzimitsa ngati dzanja lingafike popanda kudutsa pamoto, kenako avundikire. Mbaula ilibe pozimitsira. Mukangovundikira n'kusiya makala akuyaka, mafuta amapitirira kutentha pansi pa chivundikiro, utsi woyaka umatuluka m'mphepete, ndipo ukakumana ndi lawi la makala umagwiranso moto. Choncho mayi uja atseke khomo la mbaula, kapena atsekepo ndi njerwa ngati chitseko chinathyoka, kenako ndi fosholo kapena khasu athire mchenga wouma, dothi louma kapena phulusa lozizira pa makala kudzera m'mipata ya pakati pa sufuliya ndi mbaula, mofatsa kuti asagwedeze sufuliya. Amene akuphikira pa mafuwa kapena pa chiwaya cha nkhuni ali ndi mwayi, chifukwa angasolole nkhuni imodziimodzi n'kuziika kutali, kenako n'kukwirira makala otsala ndi dothi. Madzi asathiridwe ngakhale pa makalawo, popeza nthunzi ndi phulusa lotentha zimauluka kumaso, munthu amadzidzimuka n'kugunda sufuliya, ndipo madzi ena angalowe m'mafuta.

Chachinayi ndi kudikira, ndipo apa ndi pamene ambiri amene anachita bwino zonse zoyamba amalakwitsa. Lawi likazima, mafuta amakhala akadali otentha mokwanira kuyaka okha, ndipo chimene akusowa ndi mpweya basi. Munthu akatukula chivundikiro patangopita mphindi ziwiri kuti aone ngati wazimadi, amakhala wawapatsa mpweyawo, ndipo moto umabuka nkhope yake ili pafupi. Sufuliya isakhudzidwe kwa mphindi zosachepera 30, ndipo pa malita atatu okhala pa mbaula imene idakali yofunda, ola lathunthu si lochuluka, makamaka masana a kuno pamene mpweya weniweniwo ndi wotentha ndipo zinthu sizizizira msanga. Mukafuna kudziwa, yandikizani kuseri kwa dzanja pambali pa sufuliya osaikhudza. Ngati kutentha kukukukankhani, nthawi sinakwane.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuchitsindika kuposa zina, chifukwa chimaoneka chanzeru pamene chili choopsa: kunyamula sufuliya yoyaka kuti muitulutse panja kapena kuichotsa pansi pa denga. Malita atatu a mafuta pamodzi ndi chiwiya amalemera makilogalamu opitirira atatu, zogwirira zimakhala zotentha kwambiri, ndipo munthu akayamba kuyenda mpweya umabwezera malawi pa mikono ndi pachifuwa pake. Akamva kupsa amataya, ndipo mafuta oyaka amakhuthukira pa miyendo yake, pa mphasa, pa khomo limene ena akanatulukira, kapena pa mwana amene akuthamangira kwa mayi ake. Ngakhale denga la udzu lili pafupi, kuvundikira pomwepo ndi kofulumira kuposa kunyamula.

Zikapanda kuyenda monga mwa dongosolo

Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti chivundikiro choyenera palibe. Sufuliya zambiri zokazingira zinataya zivundikiro zake kalekale, ndipo chiwaya sichikhala nacho n'komwe. Thireyi yachitsulo, beseni lachitsulo, sufuliya ina yaikulu yoikidwa pamwamba kapena chitsulo chafulati chodulidwa ku mgolo zimagwira ntchito yomweyo. Lata la mizere limathandiza pang'ono chabe, chifukwa mpweya umalowa m'mizeremo, ndipo likagwiritsidwa ntchito pamafunika kutseka m'mbali mwake ndi dothi louma. Beseni la pulasitiki limasungunuka n'kukhala chakudya cha moto, chivundikiro cha galasi chingasweke, ndipo lichero kapena mphasa zimayaka. Matumba a feteleza ndi a ufa amene tili nawo masiku ano ndi a pulasitiki, amasungunuka n'kumatirira pakhungu, choncho asayandikire moto ngakhale atanyowetsedwa.

Ena amalangiza kuphimba ndi nsalu yonyowa, ndipo njirayi imatha kugwira, koma ndimaiika pamapeto penipeni, pamene palibe chitsulo chilichonse. Nsaluyo iyenera kukhala yokhuthala, ya thonje kapena chiguduli chenicheni, yofinyidwa mpaka osadonthanso ngakhale dontho limodzi, ndipo yaikulu moti iphimbe kukamwa konse osagwera m'mafuta. Munthu amene ali ndi mantha safinya mokwanira, ndipo nsalu yodontha ndi kapu ya madzi yomwe ija. Zitenje zambiri za masiku ano zili ndi nayiloni ndipo n'zopyapyala, motero sizoyenera.

Nanga zothira? Soda wophikira therere akatenthedwa amatulutsa mpweya umene suyaka, ndipo amazimitsadi kamoto kakang'ono ka m'felempani, koma pamafunika wochuluka, wodzaza manja kangapo, ndipo kapaketi kamodzi ka pa okala sikangachite kanthu pa malita atatu. Mchere wambiri nawonso umaphimba kamoto kochepa. Choopsa n'chakuti m'khitchini zinthu zoyera zimafanana, ndipo munthu wothamanga angatape ufa. Ufa wa chimanga, wa tirigu kapena wa chinangwa ukamwazika m'mpweya pamwamba pa lawi umayaka mwamphamvu, ndipo shuga nayenso amayaka. Kwa wokazinga mandasi, amene ufa umakhala pafupi ndi dzanja lake nthawi zonse, ndi bwino kungodziwa kuti ufa ndi shuga zimene zimalowa mu mandasi sizizimitsa moto.

Mchenga uli ndi malo ake, koma malowo si m'kati mwa sufuliya yodzaza. Ukaponyedwa m'mafuta akuya umawathovutsa, umamira pansi, ndipo ukachuluka umakweza mafutawo mpaka kusefukira. Ntchito yake ndi pa makala komanso pa mafuta amene atayikira pansi n'kumayaka: yambani kuthira m'mphepete kuti moto usafalikire, kenako muzilowera pakati mpaka ponse patakwiririka. Uyenera kukhala wouma, chifukwa mchenga umene wangotapidwa kumtsinje kapena umene wavumbidwa ndi mvula uli ndi madzi okwanira kuthethetsa mafuta. Kupemerera ndi chikatoni, kuuzira ndi pakamwa kapena kumenya ndi nthambi zamasamba, monga timachitira ndi moto wa kutchire, kumangowonjezera mpweya ndi kumwaza mafuta.

Mukavundikira koma malawi n'kumaonekabe m'mphepete mwa chivundikiro, pali zifukwa ziwiri zimene muyenera kuziyang'ana. Mwina chivundikiro n'chopindika ndipo mpweya ukulowa, ndiye muchikanikize ndi njerwa kapena mwala woikidwa pamwamba mofatsa, osachichotsa kuti muyesenso. Mwinanso chimene chikuyaka ndi mafuta amene anayenderera kunja kwa sufuliya, kapena utsi wotuluka umene ukuyatsidwa ndi makala, ndipo mankhwala ake ndi kupitiriza kukwirira makalawo. Timalawi ta kunja timatha tokha pakapita kanthawi ngati pansi pazima.

Amene ali ndi malo odyera kapena ogona alendo ndipo anagula chozimitsira moto, awerenge chimene chalembedwa pa botolo lake lisanafike tsiku la ngozi. Choyenera mafuta ophikira ndi chimene chili ndi chilembo F, chimene mankhwala ake amasandutsa pamwamba pa mafuta kukhala thovu longa sopo, lophimba ndi loziziritsa. Cha madzi chisagwiritsidwe ntchito n'komwe. Cha mankhwala a ufa ndi cha mpweya wosayaka zimatuluka ndi mphamvu yoti zingamwaze mafuta ngati munthu wayandikira, ndiponso siziziziritsa, choncho moto umatha kubwerera. Bulangeti lozimitsira moto, lopangidwa ndi ulusi wosayaka, ndi lothandiza pa sufuliya yaing'ono ndipo limaikidwa monga chivundikiro, manja atabisika kuseri kwake.

Pali malire amene munthu ayenera kuwavomereza. Lawi likakula moti simungayandikire kuti muvundikire, kapena likagwira denga, mpanda wa udzu kapena makatani, nkhani ya sufuliya yatha. Tulutsani anthu onse, tsekani chitseko ngati ndi m'nyumba, ndipo itanani thandizo. Ngati pali silinda ya gasi imene moto waizungulira, anthu atalikire kwambiri. Madzi angagwiritsidwe ntchito pa udzu, pa mitengo ya denga ndi pa nyumba zoyandikana kuti moto usalumphe, bola asalunjike pamene pali mafuta, ndiponso magetsi a nyumbayo akhale atazimitsidwa. M'midzi yambiri ya kuno galimoto yozimitsa moto singafike nthawi yabwino, ndipo denga la udzu wouma limatha m'mphindi zochepa, choncho munthu asabwerere m'nyumba kukatenga ndalama za geni kapena katundu.

Munthu akapsa

Zovala zikagwira moto, munthu asathamange, chifukwa kuthamanga kumakoleza malawi. Agone pansi, aphimbe nkhope ndi manja n'kugubuduzika, kapena ena amukulunge ndi bulangeti lokhuthala. Pakhungu lopsa ndi pamene madzi amafunika tsopano, kutali ndi sufuliya ija: thirani madzi oyera ozizirira bwino, a pa mjigo kapena pa mpopi, mosalekeza kwa mphindi 20. Mphete, zibangili ndi wotchi zichotsedwe msanga malowo asanatupe, koma nsalu imene yamatirira pakhungu isakokedwe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta, dothi kapena phulusa, ndipo matuza asaboolewe, chifukwa zonsezi zimalowetsa tizilombo m'bala ndipo zimavutitsa achipatala poyeretsa. Phimbani ndi nsalu yoyera yosamata. Bala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, la kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena pa mfundo, bala looneka loyera kapena lakuda losamva kuwawa, komanso kupsa kulikonse kwa mwana wamng'ono, zipite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku chipatala cha boma cha Chikwawa, cha Nsanje, cha Montfort ku Nchalo kapena chaching'ono chimene chili pafupi. Opsa kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwana akapsa malo aakulu, ziziritsani balalo koma thupi lonse likhale lofunda.

Chifukwa chake vutoli limabwerezabwereza pamalo amodzi

Ngati mafuta anu amafuka utsi kapena kugwira moto kawirikawiri, choyamba kuchikayikira ndi nthawi imene mafutawo akhala akugwiritsidwa ntchito. Mafuta akagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza amawonongeka, ndipo kutentha kumene amayambira kufuka kumatsika, moti mafuta amene ali atsopano ankapirira moto wina, pakapita masiku amafuka pa moto womwewo. Zizindikiro zake ndi kuda, kukhuthala, kununkha ndi kuchita thovu losatha chakudya chikalowa. Mtengo wa mafuta ndi wokwera ndipo palibe wa geni amene angataye mafuta tsiku ndi tsiku, koma kuwasefa akazizira kuti nyenyeswa zopserera zichoke, kuwasunga m'chigubu chotseka pamthunzi, ndi kuwasiya akafika pochita thovu, kumachepetsa ngozi kwambiri. Mafuta oyengedwa pamudzi, a mpendadzuwa kapena a mtedza, amayamba kufuka msanga kuposa a m'fakitale, choncho amafuna moto wofatsa.

Chachiwiri ndi kudzaza. Mafuta asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a sufuliya, chifukwa chakudya chikalowa amakwera ndi kuchita thovu, ndipo moto wa pa mbaula umathanso kuyamba ndi mafuta osefukira pa makala, osati ndi kutentha kopitirira kokha. Mbatata zotsukidwa zikhetsedwe madzi ndi kupukutidwa, nsomba zochokera m'madzi kapena mufiriji ziumitsidwe ndi nsalu, ndipo zilowe pang'onopang'ono, zotsetserekera kutali ndi inu. Onaninso kukula kwa moto poyerekeza ndi chiwiya: malawi akamakwera m'mbali mpaka kufika pa mlomo wa sufuliya, amatha kuyatsa utsi wa mafuta ngakhale mafutawo asanafike poyaka okha, ndipo mwaye wa mafuta umene unaundana kunja kwa sufuliya umakhala njira yokwerera moto. M'nyengo ya mphepo, mbaula itembenuzidwe kuti khomo lake lisayang'ane kumene mphepo ikuchokera, ikhale pamalo osapendekeka, ndiponso italikirane ndi mpanda wa udzu kapena wa mlaza.

Musanayatse moto, chivundikiro chachitsulo chokwana chiwiya chanu chikhale pamalo amene dzanja lingafike popanda kudutsa pamwamba pa mafuta, ndipo pambali pakhale ndowa ya mchenga wouma ndi fosholo yake. Wa chiwaya apite kwa wowotcherera zitsulo kuti amudulire chitsulo chafulati choposa dzenje la mafuta ndi kuikapo chogwirira chachitali. Ndowa ya madzi otsukira mbatata ikhale patali ndithu, kuti munthu wodzidzimuka akatambasula dzanja apeze mchenga. Onse othandiza pa geni, kuphatikizapo ana okulirapo amene amasiyiridwa mbaula, ayeserere kukankha chivundikiro pa sufuliya yozizira mpaka dzanja lizolowere. Ndipo mukafuna kuchokapo, ngakhale kukangotenga chenje, phulani mafuta kapena musiyire munthu wamkulu.

Mafuta amene anayakapo asabwererenso pamoto ngakhale akuoneka ochuluka, chifukwa awonongeka, amawawitsa chakudya ndipo adzafuka msanga kuposa kale. Akazizira kotheratu, athireni m'chigubu chotseka n'kukataya ku dzala kutali ndi moto, osati m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Sufuliya muikweche mkati ndi kunja mpaka mwaye wonse utachoka, muione ngati sinapindike pansi kapena kumasuka zogwirira, ndipo iume bwinobwino musanathiremo mafuta atsopano, popeza madzi otsalira pansi pake amayamba kuthetheka mafutawo akangotentha.